Mmene mungaonere maapu amene akugwiritsa ntchito maikolofoni, kamera ndi malo amene muli, n'kuwalanda chilolezo chosafunika

Alamu anga amagulitsa kaunjika pa msika wa Lunzu. Tsiku lina madzulo anandipatsa foni yawo akudandaula kuti batire ikumatha dzuwa lisanapendeke, chonsecho foniyo siinathe n'chaka chomwe. Ndisanayambe kuganiza za batire, ndinaona kachizindikiro kokhala ngati dontho lozondoka kali pamwamba pa sikirini, pafupi ndi pamene pamaoneka netiweki. Kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti pali apu imene ikufunsa foni kuti ili pati. Mapu anali osatsegula, ndipo panalibe aliyense amene ankamulondolera njira.

"Alamu, ndi apu iti imene munaiuza kuti izidziwa pamene muli?"

"Ine sindinauze aliyense. Zikabwera zachizungu zija ndimangodina chapamwamba kuti zichoke."

Ambirife timatero. Kabokosi kofunsa chilolezo kamabwera nthawi imene tili pa changu, kasitomala akudikira, ndipo chala chimangogwera pa Allow. Ubwino wake ndi wakuti foni imasunga mndandanda wa zonse zimene tinavomera, ndipo tikhoza kubweza chilolezo chilichonse popanda kufufuta apu. Ntchitoyi siifuna bandulo, ndipo pa foni ya alamu inatitengera mphindi zosakwana makumi awiri. Ndifotokoza za mafoni a Android chifukwa ndi amene ambiri tili nawo, ndipo a iPhone ndiwatchula chakumapeto.

Yambani mwadziwa Android imene muli nayo

Tsegulani Settings, tsikirani pansi mpaka About phone, ndipo muone nambala imene yalembedwa pa Android version. Pa mafoni ena a Tecno ndi itel malowa amalembedwa My Phone ndipo amakhala pamwamba. Pa Samsung muyenera kudinanso Software information.

Nambalayi ndi imene ikuuzeni zimene mupeze mkatimo. Android 6, imene inatuluka mu 2015, ndiyo inayamba kulola munthu kuvomera kapena kukana chilolezo chimodzichimodzi. Android 10 ya mu 2019 inabweretsa mwayi wouza apu kuti izidziwa pamene muli pokhapokha mwaitsegula. Android 11 ya mu 2020 inawonjezera chilolezo cha ulendo umodzi wokha, ndipo Android 12 ya mu 2021 inabwera ndi kadontho kobiriwira kochenjeza komanso tsamba loonetsa zimene maapu achita pa maola 24 apitawa. Choncho ngati foni yanu ili pa Android 9, musavutike kufufuza zinthu zimene mulibe. Inu mupeza tobatani toyatsa ndi kuzimitsa basi, ndipo timeneto n'tokwanira kugwira ntchito yaikulu.

Ya alamu inali pa Android 13.

Pezani tsamba la zilolezo

Pali njira ziwiri zoonera zilolezo. Mukhoza kutsegula apu imodziimodzi n'kuona zimene inaloledwa, koma ngati muli ndi maapu makumi asanu mutopa musanafike pakati. Njira yabwino ndi kuyambira pa chilolezocho, n'kuona maapu onse amene ali nacho pamndandanda umodzi. Tsamba lake limatchedwa Permission manager.

Kampani iliyonse yopanga mafoni imaliika pake. Pa mafoni ambiri lili apa:

```
Settings > Privacy > Permission manager
```

Pa atsopano mawu a Privacy amakhala mkati mwa Security & privacy, ndipo pa akale a Android 8 ndi 9 mulipeza mu Apps & notifications pa dzina lakuti App permissions. Ine sindilimbana n'kuloweza zonsezi. Pamwamba pa Settings pali kagalasi kofufuzira. Dinani pamenepo, lembani mawu awa, ndipo foni ikutengerani yokha:

```
permission
```

Mukalowa muona mndandanda wautali: Camera, Contacts, Location, Microphone, SMS ndi ena. Pansi pa dzina lililonse pali manambala awiri, mwachitsanzo "14 of 31 apps allowed". Apa foni ikunena kuti maapu 31 anapempha chilolezocho ndipo 14 anapatsidwa. Awa ndi manambala amene ndinapeza pa Location ya alamu.

Yambirani pa Location, ndipo mufatsepo

Pakati pa maikolofoni, kamera ndi malo, malo amene muli ndi pamene pamatayika zambiri, chifukwa ndi chilolezo chokhacho chimene apu wamba ingapatsidwe cha usana ndi usiku. Foni imene ikunena pamene ili tsiku lonse ikuulula nyumba imene mumagona, msika umene mumagulitsako, tchalitchi kapena mzikiti wanu, chipatala chimene munapita Lachiwiri, ndi nyumba imene mumakonda kuchezako. Munthu woona zimenezi kwa sabata imodzi safunikanso kuuzidwa dzina lanu.

Dinani Location. Maapu agawidwa m'magulu. Gulu la pamwamba ndi Allowed all the time, ndipo amenewa amadziwa pamene muli ngakhale foni ili m'thumba, sikirini itazima. Lachiwiri ndi Allowed only while in use, amene amadziwa pokhapokha mwawatsegula. Kenako pali Ask every time, amene amayamba afunsa ulendo uliwonse, ndipo pansi penipeni pali Not allowed, amene anakanizidwa.

M'gulu la pamwamba la alamu munali maapu anayi: ya mapu, ya zanyengo, ya ngongole za pafoni imene anakongolako kamodzi n'kubweza kalekale, ndi ina yodzitcha yoyeretsa foni imene anawaikira mnyamata wina wolowetsa nyimbo pamsika. Ndinawafunsa za ya ngongoleyo, ndipo anakumbukira kuti inakana kupitirira mpaka atatsatira malangizo ake okadina penapake mu Settings. Zimenezi zikugwirizana ndi mmene Android imachitira. Kuyambira pa Android 11, chilolezo cha nthawi zonse sichiperekedwa pa kabokosi kofulumira kaja, munthu amayenera kukachipereka yekha ku Settings. Ndiye apu ikakugwirani dzanja n'kukutengerani kumeneko, dziwani kuti chimene ikufuna n'chachikulu.

Pa apu iliyonse dzifunseni funso limodzi: kodi pali ntchito imene apuyi imandigwirira ine foni ili m'thumba, imene singatheke popanda kudziwa pamene ndili? Ya ngongole inalibe yankho. Ndinaidina, ndipo panatuluka zosankha zinayi: Allow all the time, Allow only while using the app, Ask every time ndi Don't allow. Ndinasankha chomalizacho. Pa mafoni akale mawu ake ndi Deny. Palibe batani losungira, mukangodina zatheka, ndipo mukhoza kubwerera m'mbuyo. Yoyeretsa foni ija tinaichotseratu m'foni, chifukwa kufufuta zinyalala m'foni sikukhudzana ndi kudziwa kuti mwini wake ali ku Lunzu kapena ku Ndirande.

Ya mapu ndinaitsitsira pa Allow only while using the app. Ena amaopa kuti akatero mapu asiya kuwalondolera akazimitsa sikirini ali pa njinga yamoto kapena pagalimoto. Sizitero. Mukayambitsa ulendo, apuyo imaika uthenga wosachoka pamwamba pa sikirini, ndipo Android imaiwerengera kuti ikugwiritsidwabe ntchito mpaka ulendowo utatha.

Pa ya zanyengo pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Ngati muli pa Android 12 kapena kuposa, pansi pa zosankha zija pali kabatani kolembedwa Use precise location. Kakayaka, apu imadziwa pamene muli mpaka pa mamita ochepa, kutanthauza khomo lenileni la nyumba yanu. Mukakazimitsa, imangodziwa dera lalikulu la makilomita angapo. Kuti ikuuzeni ngati kugwe mvula ku Blantyre, apu siifunika kudziwa benchi imene mwayalapo malonda. Ndinakazimitsa pa ya zanyengo, pa ya nkhani ndi pa ya malonda a pa intaneti. Ndinakasiya koyaka pa mapu, chifukwa popanda iko sangakuuzeni pokhotera.

Gulu lachiwiri ndilo linali lalitali. Munali masewera awiri a ana, apu yokongoletsa zithunzi, yomvetsera nyimbo, ndi ya tochi. Zonsezi ndinaziika pa Don't allow. Ya tochi imandikwiyitsa kwambiri, chifukwa foni iliyonse ya masiku ano ili kale ndi tochi yake mukakoka sikirini kuchokera pamwamba. Apu yotere imadyera pa zotsatsa malonda, ndipo kudziwa pamene muli kumathandiza zotsatsazo osati inu.

Apu imodzi ikhoza kukusokonezani. Maapu otumizirana nyimbo ndi mavidiyo popanda bandulo amapempha Location, ndipo pamenepa si nthawi zonse pali chinyengo. Android imaona kufufuza mafoni oyandikana kudzera pa Wi-Fi kapena Bluetooth ngati njira yodziwira pamene munthu ali, motero makamaka pa mafoni akale apu singapeze foni ya mnzanu popanda chilolezochi. Mukaikaniza, izingozungulira osapeza kanthu. Ngati muli pa Android 11 kapena kuposa, apu yotere iikeni pa Ask every time, ndipo ikafunsa muzidina Only this time. Mukaitseka, pakapita kanthawi chilolezocho chimatha chokha.

Onaninso apu ya Camera pamndandanda womwewu. Ikaloledwa kudziwa malo, imalemba mobisa mkati mwa chithunzi chilichonse pamene chinajambulidwa. WhatsApp imachotsa zimenezi mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukatumiza ngati Document zimapita nazo. Alamu amajambula zovala zatsopano ali kunyumba n'kumatumizira anthu amene sakuwadziwa nkhope, choncho tinaikaniza.

Maikolofoni

Bwererani m'mbuyo n'kudina Microphone. Apa zosankha ndi zitatu zokha, chifukwa palibe cha nthawi zonse. Maapu amene akuyenera kukhala ololedwa ndi ochepa, ndipo mumawadziwa kale: oimbira foni, WhatsApp ndi anzake otumizira mauthenga a mawu, ojambulira mawu, ndi kamera, popeza vidiyo imafuna mawu. Ngati mumakonda kufufuza zinthu polankhula m'malo molemba, apu ya Google isiyeni. Ngati simunayambe mwatero, ikanizeni.

Kwa alamu kunali maapu 11 ololedwa ndipo tinasiya asanu. Pakati pa amene tinawachotsa panali masewera a ana aja ndi kiyibodi yamaluwamaluwa imene mwana wawo wamkazi anaika. Kiyibodi imapempha maikolofoni kuti muzilemba polankhula. Alamu amalemba m'Chichewa ndi chala, ndiye panalibe chifukwa.

Anthu amandifunsa kawirikawiri ngati foni imawamvetsera, poti anakamba za feteleza ndi mnzawo kenako n'kuona zotsatsa feteleza. Musalimbane n'kuganizira, foni ili ndi njira yokuonetsani. Pa Android 12 kupita m'tsogolo, apu ikayatsa maikolofoni kapena kamera, pakona yakumanja pamwamba pamabwera kachizindikiro kobiriwira kamene kenako kamachepa n'kukhala kadontho. Mukakaona musakuimba foni kapena kujambula, kokani sikirini kuchokera pamwamba n'kudina kachizindikiroko, ndipo foni ikuuzani dzina la apu imene ikuchita zimenezo.

Zimene zinachitika muli mtulo mungazione pa Privacy dashboard, imene imakhala pafupi ndi Permission manager. Dinani Microphone m'menemo ndipo muona ola ndi mphindi imene apu iliyonse inagwiritsa ntchito maikolofoni pa maola 24 apitawa. Pa foni ya alamu maikolofoni inali bwino, munali WhatsApp ndi foni zoimba basi, pa nthawi zimene iwo ankakumbukira. Koma titadina Location tisanachotse apu yoyeretsa ija, inaoneka mobwerezabwereza usiku wonse, ngakhale cha m'ma 2 koloko m'bandakucha.

"Nthawi imeneyo ndinali m'tulo ine, alamu," anatero, akuyang'anitsitsa sikirini.

Kamera

Pa Camera simuchedwapo, chifukwa njira yake ndi yofanana ndi ya maikolofoni. Chofunika kusiyanitsa n'chakuti kujambula ndi kwina, kusankha chithunzi chimene chili kale m'foni ndi kwina. Ngati mumajambula ndi kamera ya foni kenako n'kuika chithunzicho pa Facebook, apuyo siifunika chilolezo cha kamera.

Maapu a mabanki ndi a ndalama za pafoni amapempha kamera kuti ajambule chiphaso cha unzika ndi nkhope yanu polembetsa, kapena kuti awerenge kabokosi ka madonthomadontho kolipirira. Pempho lotere n'lomveka, koma ntchito yake ndi ya apo ndi apo, choncho Ask every time ndiye powayenera. Amene amatumiza ndalama poimba `*211#` kapena `*444#` alibe choti ade nacho nkhawa pamenepa, chifukwa njira imeneyi siidutsa mu apu ina iliyonse yopempha kamera.

Zimene simuyenera kukhudza

Pakona ya tsamba la zilolezo pali timadontho titatu, ndipo mukatidina mumapeza Show system. Izi zimaonetsa maapu a mkati amene amayendetsa foniyo. Kuwaona si vuto, koma musayambe kuwazimitsa chisawawa. Google Play services ndi imene imathandiza maapu ena kupeza malo, ndipo njira yofufuzira foni yobedwa imadaliranso kuti Location ikhale yoyaka. N'chifukwa chake ine sindilangiza kuzimitsiratu Location ya foni yonse. Ndi bwino kulanda apu imodziimodzi n'kusiya yaikuluyo ikugwira ntchito. Phone nayo isiyeni ndi maikolofoni yake.

Nthawi zina mukadina kukaniza pamabwera chenjezo lakuti apuyo inapangidwira Android yakale ndipo mwina isiya kugwira ntchito bwino. Ngati ndi apu imene simuidalira, pitirizani.

Yesani, ndipo konzani chimene chaonongeka

Musaike foni m'thumba musanayese. Tumizani uthenga wa mawu kwa wina, imbani vidiyo, tsegulani mapu, lowani mu apu ya banki. Apu yolembedwa bwino ikasowa chilolezo imangofunsanso, ndipo mumavomera pomwepo.

Pali msampha umodzi. Kuyambira pa Android 11, mukakana chilolezo chimodzi kawiri, foni imasiya kukufunsani. Mudina kamaikolofoni ka pa WhatsApp koma kabokosi kovomerera sikabweranso, ndipo ena amafika poganiza kuti foni yaonongeka n'kupita nayo kwa okonza. Kukonza kwake n'kosavuta. Dinani chizindikiro cha apuyo osachotsa chala, sankhani App info, kenako Permissions, dinani chilolezo chimene chikusowa n'kuchibwezera.

Muli pa tsamba lomwelo, tsikirani pansi. Pali kabatani kamene dzina lake limasinthasintha malinga ndi foni: Remove permissions if app isn't used kapena Pause app activity if unused. Kayatseni. Apu ikakhala miyezi ingapo osatsegulidwa, foni izilanda yokha zilolezo zake.

Vuto lina limene ndakumana nalo ndi la munthu amene anzake sakumumva pa foni iliyonse imene waimba, chonsecho zilolezo zonse zili bwino. Pa Android 12 kupita m'tsogolo mafoni ambiri ali ndi mabatani awiri aakulu, Mic access ndi Camera access, amene amapezeka mukakoka sikirini kuchokera pamwamba kapena mu Privacy. Amenewa amatseka maikolofoni kapena kamera kwa maapu onse nthawi imodzi. Ndi othandiza mukakhala pa msonkhano wa banki m'khonde kapena pa zokambirana za banja, koma ana akamaseweretsa foni amawadina mosadziwa. Yambani mwaona amenewa musanatulutse ndalama.

Chitseko china chili mu Chrome

Masamba a pa intaneti nawo amapempha zilolezo zomwezi, ndipo saoneka pa Permission manager, pamangooneka dzina la Chrome. Tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu, n'kutsata njira iyi:

```
Settings > Site settings > Location
```

Chitaninso chimodzimodzi pa Camera ndi Microphone. Pansi pa Allowed muona masamba amene munawavomera. Kwa alamu tinapeza tsamba lina lolonjeza bandulo yaulere, limene linabwera pa gulu la WhatsApp, litaloledwa kudziwa malo. Dinani dzina la tsambalo n'kulitsekera kapena kufufuta chilolezo chake.

Mu WhatsApp momwemo, lowani mu Settings, Privacy, Live location. Ngati munauza wina kuti azikuonani pamene muli kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8 ndipo nthawiyo siinathe, muona pamenepo n'kuimitsa.

Amene muli ndi iPhone

Lowani mu Settings kenako Privacy & Security. Microphone ndi Camera zili ndi tobatani toyatsa ndi kuzimitsa pa apu iliyonse. Mu Location Services zosankha ndi Never, Ask Next Time Or When I Share, While Using the App ndi Always, ndipo Precise Location ili pansi pake. Kadontho kobiriwira ndi ka kamera, kofiirira ngati lalanje ndi ka maikolofoni. Pansi pa tsamba lomwelo pali App Privacy Report, imene imasunga za masiku 7, koma imayamba kulemba pokhapokha mwaiyatsa.

Pamene ntchitoyi imalekezera

Kulanda chilolezo kumatseka za mawa, sikubweza za dzulo. Zimene apu ya ngongole ija inatenga miyezi yonse ija zili kale m'makompyuta a eni ake. Ndiponso apu yokanizidwa Location imathabe kuganizira mzinda umene muli poona njira imene intaneti yanu ikudutsa, ndipo kampani ya netiweki imadziwa nsanja imene foni yanu yalumikizidwako ngakhale mutazimitsa zonse.

Nkhani ina ndi ya foni imene munthu wina anaikamo apu yokuzondani mwadala, kaya mwamuna, mkazi kapena bwana. Maapu otere amabisala pa mayina ooneka ngati a mkati mwa foni, ndipo amadalira mphamvu zina zimene sizili pa Permission manager. Lembani mawu awa pa kagalasi ka Settings, limodzi kenako linalo:

```
accessibility
device admin
```

Pa Accessibility onani maapu oikidwa amene ali oyaka, chifukwa apu yololedwa pamenepa imatha kuwerenga zonse zimene zili pa sikirini ndi kudina m'malo mwanu. Pa Device admin apps, kupatula yofufuzira foni yotayika ndi ya kampani imene munatengako foni ya ngongole kapena ya kuntchito, dzina lachilendo liyenera kukudabwitsani. Apu imene ili pamenepa siichoka mpaka mutayamba mwaizimitsa. Koma ngati mukukayikira munthu amene mumamuopa, musafulumire kuichotsa, chifukwa iye akhoza kudziwa kuti mwatulukira. Jambulani sikiriniyo ndi foni ya munthu wina, ndipo muyambe mwakamba ndi m'bale amene mumamukhulupirira kapena a ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi.

Kwa alamu malo awiriwa anali oyera. Pomaliza, Location inatsika kuchoka pa maapu 14 kufika pa asanu, ndipo m'gulu la nthawi zonse munalibenso apu ngakhale imodzi mwa zinayi zija. Patapita masiku atatu anandiimbira ali pamsika kuti uthenga wa mawu ukukana pa apu ina yochezera imene amalankhulirana ndi amene amawaodetsa mabelo ku Limbe. Ndinali nditailanda maikolofoni poganiza kuti saigwiritsa ntchito. Ndinawauza kuti adine chizindikiro chake osachotsa chala, apite pa App info, kenako Permissions, ndipo anabwezera okha ndili pa foni.